Nyimbo Imene Anatiletsa ku Nathenje

Mlongo wanga wamng'ono ndi woimba. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Mitundu, ndipo za nyimbozi ndinalowamo chifukwa cha mkwiyo basi. Dzina lake sindilemba muno, omudziwa akumudziwa. Koma nyimbo yake yoyamba ija mwina munavinako, ngati munapondako pachinkhoswe chilichonse kuyambira ku Likuni mpaka ku Nkhoma m'zaka zimenezo. Inali ya mkamwini amene apongozi ake anamutuma kukadzala mtedza, iye n'kukoleza moto m'munda momwemo, kukazinga mbewu yonse n'kudya. Anthu ankangoti “ya Mkamwini”.

Anaipeka mongocheza, pagitala wake wakale uja wosweka pamimba. Ng'oma yake inali ya chimtali, yomwe ija amayi athu ankavina mpaka mpango kugwa. Anakaijambulira m'kachipinda kena kuseri kwa ometa tsitsi pa Mitundu pomwepo, kwa mnyamata wina amene anali ndi kompyuta, maiki imodzi ndi matiresi okhomera kukhoma. Kameneko ndiye kanali situdiyo. Nyimbo itatha, mwini situdiyoyo anaika mawu ake koyambirira, kudzitchula dzina mokweza monga amachitira onse ojambula nyimbo. Mlongo wanga sanaike lake. Akuti anachita manyazi.

Nyimbo inayenda ngati moto wa m'tchire. Anyamata obena nyimbo m'mamemore khadi ankaipatsa aliyense, ena ankangotumizirana pafoni, ndipo m'maminibasi munalibe ina. Tsiku lina la msika ndinaimva ikulira pabenchi ya obena pafupi ndi khonde langa, anthu atazungulira akuseka. Ndinasiya siketi ya munthu pamakina n'kupita.

“Waimba ndani imeneyi?” ndinafunsa dala.

Wobenayo anatembenuza kompyuta kuti ndione. Panalembedwa dzina la nyimbo lokha, chithunzi chake cha galimoto yofiira imene sindikudziwa anaitenga kuti.

“Ndi wina wake wa m'tauni,” anatero. “Si mwamva akudzitchula koyambirirako?”

Ankanena wa situdiyo uja. Mutu unanditentha. Ndinamuuza kuti woimba nyimbo imeneyo ndinamubereka kumsana ine, ndinamupukuta mamina ine, ndipo panthawi imene tikuyankhulayo anali kudimba akuthirira tomato. Anthu anaseka, akuyesa ndi nthabwala. Ndinabwerera pamakina n'kusoka siketi ija mokhota.

Pang'ono ndi pang'ono zinadziwika kuti woimbayo ndi wa kwathu konkuno, ndipo anayamba kumuitana. Koma palibe amene anavutikira kudziwa dzina lake. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, anali “a Mkamwini”. Munthu wosakwatira n'komwe. Iye zinkamukoma, ankayenda phewa limodzi m'mwamba. Ine ndinapita nawo kumadansi angapo, ndipo zimene ndinkaona sizinkandisangalatsa. Akakwera pasiteji, anthu ankafuula ya Mkamwini. Akaimaliza, ankati abwereze. Akabwereza n'kuyamba ina, gulu lonse linkatembenuka kupita kukagula tchipisi pachiwaya, iye n'kumaimbira mipando ndi ana.

Tsabola wakale sawawa. Mvula ina itadutsa, kunabwera nyimbo zina, ndipo foni yake inayamba kukhala chete. Apa ndi pamene anayamba kubalalika. Choyamba anatulutsa gawo lachiwiri, mkamwini yemwe uja tsopano wadya nkhuku ya apongozi. Anthu anamvera kamodzi n'kunena kuti yoyamba ija ndiye inali bwino. Kenako anakumana ndi mkulu wina wa m'tauni wokonza madansi, amene anamuuza kuti chimtali ndi cha kumudzi, panopa anthu akufuna amapiano. Mlongo wanga anabwera ndi magalasi akuda, tcheni m'khosi, ndi dzina la Chingerezi limene amayi analephera kulitchula mpaka anangoleka. Nyimbo ya amapiano ija inamveka ngati ya wina aliyense. Itakanika, anasinthanso dzina n'kuyesa zachi Jamaica, kukhosi kukuchita kukhadzula ngati wamezera mnga. M'mafoni a anthu munali nyimbo za munthu mmodzi pa maina atatu, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi yemweyo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Anagwera pa Nathenje. Kunali dansi pamalo ena omwera m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo papepala loitanira anthu maina a oimba a m'tauni anali akuluakulu, pansi penipeni ndiye mawu akuti “ndi Mkamwini”. Anamuimbitsa dzuwa likadali pamutu, anthu akukonzabe mipando. Mawa lake anabwera pakhonde panga, n'kukhala pa situlu ya makasitomala, gitala ali pamiyendo.

“Achemwali, ndifunireni wogula gitalayu,” anatero. “Ndikupita ku esiteti. Akufuna anthu osankha fodya.”

Sindinyoza ntchito ya fodya, ndi imene inatilera. Koma mwana ameneyu ndinamumva akuimba asanadziwe kuvala kabudula, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Monga mwa chibadwa changa, chisoni chinatulukira m'kukalipa. Ndinamuuza kuti nanenso ndinatchukapo ndi diresi lina la manja otukumuka, Mitundu yonse inasoketsa, fasho yake n'kutha. Koma amayi aja amabwerabe, chifukwa amadziwa kuti khonde ndi lomweli, telala ndi yemweyu, ndipo msoko wanga sumasuka. Nanga iye, munthu womufuna akamupeza pa dzina liti?

“Nyimbo si diresi, achemwali,” anayankha.

“Ndiye pita ukasankhe fodya.”

Gitala ndinamulanda n'kumuika kuseri kwa nsalu, ndinati wogula ndimufuna ndekha. Sindinamufune.

Asanapite ku esiteti kuja, kumudzi kwathu kunachitika chinkhoswe cha mwana wa amalume. Mlongo wanga anapita ngati m'bale chabe, wonyamula mabenchi. Zoimbira anabweretsa mnzake wa kusukulu, dijeyi amene amayenda ndi masipika ake pangolo m'midzi yonse ya kuno. Itafika nthawi ya perekaniperekani, pamene magulu a anthu amaitanidwa kutsogolo kuti avine n'kuponya kangachepe m'lichero, wotsogolera mwambo anali atasasa mawu ndipo anthu ankangodzikoka. Amalume anakwiya n'kupatsa mlongo wanga maiki kuti angothandiza kuitana. Iye m'malo moyankhula anayamba kuimba. Anauza amayi kuti aombe m'manja mwa chimtali, n'kuyamba kuitana anthu mudzi ndi mudzi, mfunda ndi mfunda, poti onse ankawadziwa. Uyu anamutchula ndi dimba lake la kabichi, uyo ndi ng'ombe yake yothawathawa, azakhali ena ndi thobwa lawo losasa msanga. Munthu akamva mfunda wake m'nyimbo sakhala pansi. Ndinaona nkhalamba zimene zimati miyendo inafa zikunyamuka, ndodo kuiwala pampando.

Mwambo utatha, dijeyi uja anamukokera pambali, ine ndili pomwepo ndikupinda nsalu za patebulo.

“Aise, wakhala ukufunafuna chiyani m'tauni?” anatero. “Chako ndi ichi. Ya Mkamwini ndikhoza kuiliza ndekha iwe uli kudimba. Koma izi wachita lerozi sindingaziike mu memore khadi, mpaka ubwere wekha.”

Za esiteti mlongo wanga sanazitchulenso, ndipo gitala uja ndinamubwezera.

Tinakhala pansi atatu pakhonde panga masiku angapo, makina atayima, makasitomala akudandaula. Tinayamba ndi dzina. Dijeyi ankati angotenga la Mkamwini poti ndi limene anthu akulidziwa kale. Ine ndinakana. Dzina limenelo ndi la nyimbo, nyimbo ikamakalamba nalonso likalamba, ndipo adzafika pa imvi anthu akumuyembekezera kuti aziseketsa za apongozi. Tinagwirizana pa dzina lake la kubadwa limene anamupatsa malemu bambo athu, lalifupi, loti ngakhale agogo opanda mano alitchula. Ndinamulumbirira kuti akadzasinthanso, gitala uja ndidzamuwaza nkhuni.

Za kamvekedwe anaganiza yekha. Bambo athu anali a mganda, ndipo badza lawo, lipenga lija lachikho limene amaliza ovina mganda, linali likadali pamwamba pa kabati kwa amayi. Analitsitsa, kulipukuta, n'kumata nembanemba yatsopano pakabowo kake. Anati nyimbo yake iliyonse iziyamba ndi badzalo, kenako dzina lake, kenako gitala ndi ng'oma ya chimtali, kaya nyimboyo ndi yachikondi, kaya yamaliro, kaya yoseka. Munthu azidziwa mwini wake mawu asanayambe. Wa situdiyo uja anavuta pang'ono, akufuna dzina lake likhalebe patsogolo. Ndinapita ndekha kukacheza naye. Tinamvana kuti lake lizibwera pambuyo pa la mlongo wanga, ndipo mpaka lero akandiona amawoloka msewu.

Zovala zinali mbali yanga. Ndinamusokera za mganda, malaya oyera, kabudula wa khaki wopinda mpeni kutsogolo, ndi masokosi oyera ofika m'mawondo. Atadziona pagalasi langa anafuna kulira.

“Achemwali, miyendo imeneyi ndionetse anthu?”

Miyendo yake ndi yoonda ngati ya adokowe, zoona. Ndinamuuza kuti oimba a magalasi akuda ndi matcheni alipo odzaza minibasi, koma wa kabudula ndi masokosi adzakhala yekha, ndipo ngakhale munthu woima kumbuyo kwenikweni adzamuzindikira. Tinakajambulitsa chithunzi chimodzi atavala zimenezo, badza lili m'manja. Chithunzi chomwecho tinachiika pa nyimbo iliyonse, pa tsamba lake la pa intaneti, ndi pa chinsalu chimene timapachika kumbuyo kwake akamaimba. Dijeyi anazungulira obena onse a pa Mitundu, pa Nathenje mpaka ku Likuni, kuwapatsa nyimbo zolembedwa bwino, dzina la woimba poyamba, la nyimbo pambuyo. Anapitanso m'tauni awiriwo kukalembetsa nyimbo zonse ku bungwe loona za umwini wa nyimbo, pa dzina limodzi lomwelo.

Ya Mkamwini sitinaitaye. Tinangoichotsa pakhomo n'kuiika pakati. Sankayamba nayo, sankatsekera nayo, ndipo ankaiimba kamodzi kokha ngakhale anthu alire bwanji. Koma kunena zoona inali ndodo yake. Akaona kuti anthu azizira, ankathawira komweko, bwalo n'kudzaza.

Zinayenda pang'onopang'ono, moti nthawi zina ndinkatopa nazo. Chinkhoswe kuno, ukwati uko, tsiku la makolo kusukulu. Asanapite kulikonse ankayamba wakacheza ndi ankhoswe a mbali zonse, kufunsa midzi imene kudzachokere anthu, mifunda yawo, amene amakonda kusekedwa ndi amene sayenera kukhudzidwa. Nyimbo zatsopano ankatulutsa imodziimodzi, ina dzinja, ina pokolola. Palibe imene inaphulika ngati yoyamba ija, koma badza likalira pabenchi ya obena ndinkamva amayi ogulitsa tomato akutchula dzina lake, ine n'kumapalasa makina ngati sindikumva.

Nthawi ya chisankho kunabwera bambo wina wofuna ukhansala, kuti mlongo wanga asinthe mawu a ya Mkamwini, wodya mbewuyo akhale mnzake wopikisana naye. Zimene analonjeza zinali zoti ine ndinayamba kale kuona makina amagetsi pakhonde panga. Ndinati tivomere. Mlongo wanga anakana. Anati paukwati pamakhala anthu a zipani zonse, ndipo iye sangaitane munthu ndi mfunda wake Loweruka atamutukwana pamsonkhano Lachisanu. Tinakhala osayankhulana mpaka Lamulungu. Makina ndikupalasabe ndi mwendo, ndipo akandiputa ndimamukumbutsa.

Ndiye kunabwera ukwati wa ku Nathenje. A kuchikazi ndi amene anatiitana, banja lodziwika kumeneko, ndipo phwando linali la muholo ya sukulu, lalikulu kuposa onse amene tinapitako. Titapangana kale zonse, tsiku lina pakhonde panga panafika bambo wachikulire wa jekete lotuwa, atsika panjinga yamoto fumbi lili m'nsidze. Anati ndi nkhoswe ya kuchimuna, malume wake wa mkwati. Anakana situlu, anayankhula ali chiimire chipewa chili m'manja.

Anafotokoza kuti iwo ndi matenanti pa esiteti ina ya fodya, kwawo kwenikweni ndi kummwera, kuphiri la Mulanje. Mkwatiyo alibe munda kuno, ndiye akakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi. Chiyambire kumanga kanyumba kake kumeneko, anyamata a m'mudzimo akamuona amayamba kuimba nyimbo ija. Iye amangoseka, koma mayi ake zimawapweteka.

“Mayi, sitikudana ndi mlongo wanu,” anatero. “Koma nyimbo imeneyo isamveke paukwati wa mwana wathu. Asaimbe iye, isalirenso pa masipika. Ikamveka, ife tidzanyamuka.”

Ndinavomera pomwepo, osafunsa mwini wake. Nditamuuza madzulo ake, anaika supuni pansi.

“Mwavomera bwanji? Anthu a ku Nathenje amandidziwa ndi nyimbo imeneyo basi. Ndi komwe anandiimbitsa mipando kuja. Akazizira ndidzathawira kuti?”

“Sudzathawa.”

“Ndiye mudzaimbe ndinu.”

Ndinamuuza kuti ngati zonse tavutikirazi, dzina, badza, masokosi, sizingaime popanda mkamwini wakuba mtedza, kuli bwino tidziwiretu, apite ku esiteti ndi mtima umodzi. Ndinayankhula molimba pakamwa pokha. Ndinkadziwa kuti akakachita manyazi kachiwiri pa Nathenje, gitala uja adzamugulitsa yekha osandiuza.

Sabata ya ukwati anakwera njinga yamoto kudzera njira yachidule ya fumbi. Anacheza ndi a kuchikazi monga mwa nthawi zonse, kenako anapitirira mpaka ku esiteti, n'kukhala ndi matenanti aja pansi pa chigafa masana onse. Atabwera ndinamufunsa ngati adzawaimbire ng'oma ya kwawo kuti akondwe. Anati ayi, ng'oma ya kwawo akuidziwa okha kuposa iye, akaiyesa adzangodzichititsa manyazi. Iye adzaimba yake.

Tsikulo linafika. Kutchalitchi zinatha bwino, ndipo masana holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. A kuchikazi anali ambiri, nsalu yofanana mbali yonse. A kuchimuna anali ochepa, mabenchi owerengeka pakona, atavala bwino koma atakhala mowuma ngati ali kubwalo la milandu. Ine ndinakhala pafupi ndi dijeyi, ndipo ndinamuuza kuti chala chake chikangoterereka pa nyimbo ija ndimuthyola.

Badza linalira, mlongo wanga n'kutulukira ndi kabudula wake. Anthu anaseka miyendo ija monga amachitira kulikonse, kuseka kwabwino. Anayamba ndi nyimbo yake ya pokolola, ena ochepa anaimba nawo. Perekaniperekani atayamba, anaitana a kuchikazi mudzi ndi mudzi, ndipo zinkayenda. Koma kumbuyo kunali gulu la anyamata, ambiri a iwo a kabaza wa njinga zamoto pa siteji ya Nathenje, ndipo ena anali atalawako. Mmodzi anakuwa kuti akufuna ya Mkamwini. Anzake anamuthandiza. Mlongo wanga anachita ngati sanamve. Ataona kuti sakuwamvera, anayamba kuiimba okha, akumenya mabenchi, ndipo nyimbo ija ndi yosavuta kugwira, moti ana a m'mawindo analowerera.

Ndinayang'ana kutsogolo. Mkwati anali atazolika, mkwatibwi akumugwira dzanja pansi pa tebulo. Pakona paja nkhoswe ya jekete lotuwa inali itatola kale chipewa, ndipo mayi a mkwati ankamanga mpango wawo. Ine ndinali nditavula kale nsapato imodzi, sindikudziwa kuti ndinkafuna kukachita nayo chiyani kumbuyoko. Dijeyi anandigwira mkono.

Mlongo wanga anasiya gitala kulendewera pamimba n'kuliza badza, kamodzi, motalika, mpaka aliyense anatseka pakamwa kuti aone chimene chachitika. M'kachetechete kameneko anatembenukira pakona paja n'kuyamba kuimba motsitsa, gitala yekha. Anatchula mudzi wa mayi a mkwati, wa kutali kuphiri kuja. Anatchula mtsinje umene ankatunga madzi ali mtsikana. Anatchula mfunda wawo, ndi wa malemu amuna awo, ndi chaka cha njala chimene anakwera lole kubwera kudzalima fodya wa eni ake mwana ali kumsana. Kenako ng'oma inalowa, ndipo anaimba kuti mwana ameneyo lero wakula, sanabwere chimanjamanja m'mudzi muno, wabwera ndi khasu ndi manja odziwa nazale, ndiye eni mudzi konzani nkhokwe.

Mayi aja anaima mpango uli m'manja. Ndinaganiza kuti akutuluka. Koma analuluta, misozi ili mbwembwembwe, n'kuyamba kuvina kulowera kutsogolo. Chimtali sankachidziwa, ankaponda mwa kwawo, koma ng'oma inawalandira. Anthu awo onse anawatsatira. Amayi a kuchikazi ataona zimenezo ananyamuka kukawachingamira pakati pa holo, nsalu zofanana zija n'kusakanikirana ndi za alendo. Ine nsapato ija ndinaivalanso, ndipo ndinalira, sindibisa.

Anyamata a kumbuyo aja sanawaiwale. Anthu ali m'kati movina, anawatembenukira n'kuyamba kuwaitana mmodzimmodzi ndi maina awo a pa siteji ya kabaza, amene anawatola tsiku limene anadzacheza. Uyu wa njinga yopanda galasi, uyo amene anagwetsa abusa m'matope, winayo amene amathira mafuta a theka la botolo n'kumapemphera pa chitunda. Holo yonse inafa ndi kuseka, ndipo aliyense wotchulidwa anakankhidwa ndi anzake kupita kutsogolo. Munthu sungavine pamaso pa akwati manja ali m'thumba, ndiye anapereka ndithu, uja anayambitsa phokoso ndiye anaposa onse. Za mkamwini wa mtedza palibe anazikumbukanso mpaka keke inadulidwa.

Dzuwa likupendeka tinali panja tikumanga masipika. Mlongo wanga anakhala pa sitepe ya holo, malaya atanyowa, mawu atatha, sokosi imodzi itagwera pa kakolo. Ndinamupatsa botolo la thobwa. Sindinamuyamikire, sitinazolowerane choncho, ndinangomuuza kuti kabudula wang'ambika pa thumba abwere naye Lolemba. Anthu ankadutsa n'kumamupatsa moni pomutchula dzina lake, ndipo amayi awiri anaima kufunsa dijeyi nambala ya foni.

Kenako inabwera nkhoswe ija, chipewa chili m'manja ngati tsiku lija. Inamugwira chanza nthawi yaitali.

“Mwana wanga, mwatiika pa anthu lero,” inatero. “Tikagulitsa fodya, ife a ku esiteti timakhala ndi kaphwando kathu. Tikufuna mudzabwere, ndi badza lanulo.”

Mlongo wanga anavomera ndi mutu. Bambo aja anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

“Ndipo ija tinakuletsani ija, kumeneko mukhoza kudzaimba. Kunena zoona ine ndimaikonda. Ili mufoni mwangamu.”

Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi pa sipika. Mlongo wanga anamwa thobwa, kupukuta pakamwa, n'kuganiza pang'ono ngati munthu amene akuwerenga za m'nkhokwe yake.

“Zikomo bambo,” anatero ndi mawu osasa aja. “Nyimbo zachuluka. Nthawi ikadzatsala, tidzaiimba.”